Makalori a kota ya nkhuku ndi tchipisi: kuwerenga popanda sikelo

"Zikomo aphunzitsi. Ine ndimagwira ntchito ku Mowatizi, ndipo masana aliwonse ndimadya kulesitilanti kapena kugula chonyamula. Kuchipatala anandiuza kuti ndichepetse thupi, ndiye ndinayamba kulemba makalori a zimene ndadya. Kunyumba ndimayeza, koma pa menyu amangolemba kuti kota ya nkhuku yowotcha, tchipisi ndi saladi. Kodi pamenepa ndilembe nambala yanji?"

Achimwene, nambala yeniyeni ya mbale imeneyo ngakhale wophikayo saidziwa. Koma mungathe kufika pafupi ndithu, ndipo kufika pafupiko n'kokwanira pa zimene mukufuna. Menyu amakubisirani zinthu ziwiri: kukula kwa chakudyacho, ndi mafuta amene alowamo. Pa ziwirizi, chimene chimasokoneza anthu kwambiri ndi mafuta.

Chifukwa chake ndi ichi. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene galamu ya sitachi, shuga kapena puloteni ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120, koma ikalowa mu msuzi simuiona n'komwe. Ndiye ine ndikatenga menyu, ndimayamba ndi mawu onena kaphikidwe. M'malesitilanti akuno amalemba m'Chipwitikizi: girelyadu ndi chowotcha pamakala kapena pachitsulo, firitu ndi chokazinga m'mafuta, gizadu ndi nyama ya msuzi imene anyezi ndi tomato wake anayamba akazingidwa. Mawu amenewa amandiuza masupuni a mafuta oti ndiwonjezere: theka la supuni kapena imodzi pa chowotcha, imodzi kapena awiri pa chamsuzi, awiri kapena kuposa pa chokazinga.

Tiyeni tiphwasule mbale yanuyo.

Tiyambe ndi tchipisi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mbatatesi yathu ya ku Angoniya kapena ku Tsangano mukaiphika m'madzi, magalamu 100 amakhala ndi makalori cha m'ma 85. Mbatatesi yomweyo ikalowa m'chiwaya, madzi ake amauma ndipo malo ake amalowa mafuta, moti magalamu 100 a tchipisi amafika pafupifupi 300. Sikuti mbatatesi yasintha ayi, koma yafota n'kumwa mafuta. Mulu wodzadza theka la mbale yaikulu, kapena mbali yaikulu ya kabokosi konyamulira kaja, ine ndimauika pa magalamu 250. Ndiye kuti makalori 750. Yang'ananinso kadulidwe kake: tchipisi chopyapyala chimamwa mafuta ambiri kuposa chodula zikuluzikulu, ndipo cholobodoka, chonyezimira, chimene chasiya dziwe pansi pa bokosi, kawirikawiri chinakazingidwa m'mafuta osatentha mokwanira. Chotero ndimachikweza kufika 850.

Nkhuku anthu amaiopa pachabe. Kota ya ntchafu ndi mwendo, mukachotsa mafupa, imatsala nyama ndi khungu zokwana magalamu 130 mpaka 150 ngati ndi nkhuku yoyera ya msinkhu wamba. Nkhuku yowotcha yakhungu ili ndi makalori pafupifupi 240 pa magalamu 100, ndiye magalamu 140 akutipatsa cha m'ma 340. Koma imene amawotcha m'mabaraka siuma, chifukwa wowotchayo amaipaka mobwerezabwereza mafuta osakaniza adyo, ndimu ndi piripiri. Ena amadonthera pamakala, ena amatsala. Ndimawonjezera theka la supuni, 60, n'kulemba 400. Ikakhala yachikuda, nyama yake imachepa ndipo sinona kwambiri, mungatsitseko.

Saladi ya kabichi, tomato ndi anyezi payokha ndi 30 basi. Akaikapo supuni ya mayonezi, wonjezerani 100. Ndipo musaiwale chakumwa, poti pa menyu chimalembedwa pena pomwe m'mimba chimalowa pamodzi: kachitini ka kokakola ka mamililita 330 ndi pafupifupi 140. Ndi kutentha kwa ku Tete kuno, ndikudziwa kuti ambiri sitilekera kamodzi.

Tikaphatikiza: 750 ya tchipisi, 400 ya nkhuku, 130 ya saladi, 140 ya chakumwa, zikukwana 1,420. Munthu wamkulu wogwira ntchito yosakhetsa thukuta kwambiri amafuna makalori apakati pa 2,000 ndi 2,500 patsiku, ndiye onani kuti nkhomaliro imodziyi yadya kale kuposa theka la tsiku lanu. Onaninso kuti dzina lalikulu pa menyu ndi nkhuku, koma tchipisi chaiposa pafupifupi kawiri.

Nambala ya 1,420 musaikhulupirire ngati yotuluka pa sikelo. Yoona ikhoza kukhala 1,150, ikhoza kukhala 1,700. M'kope mwanu lembani 1,400 kapena 1,500, osavutika ndi timanambala takumapeto. Mukakayikira, kwezani, osatsitsa. Wophika wa lesitilanti amafuna kuti mubwererenso mawa, ndipo chimene chimakometsa ndi mafuta, choncho kulakwitsa kwathu kumakonda kugwera mbali imodzi, yochepetsa.

Ine ndinaphunzira zimenezi pa nsomba. Kwa miyezi ingapo ndinkadya pende wowotcha palesitilanti ina pafupi ndi Zambezi, n'kumalemba 250, chifukwa nyama ya pende yowotcha ili ndi makalori cha m'ma 130 pa magalamu 100 ndipo imodzi inkandipatsa nyama yokwana ngati magalamu 200. Thupi silinkatsika. Tsiku lina ndinakhala moyang'ana khomo la khitchini, ndipo ndinaona mayi wophikayo akutsira chipande cha majarini osungunula ndi adyo pamwamba pa nsombayo asanaitulutse. Anali masupuni osachepera awiri. Pa menyu sananame, nsomba inalidi yowotcha, koma mbale yanga inali pafupi ndi 500. Kuyambira pamenepo ndimapendeketsa mbale ndisanadye: zikayenderera zonyezimira m'mphepete, ndimayerekeza kuti zingadzadze masupuni angati. Ndimafunsanso woperekera mwaulemu kuti, "Achemwali, pamwamba amathirapo chiyani?" Sindinakanizidwepo yankho.

Ngati mumadya malo omwewo, pali njira yochotsera theka la kukayika konseku. Tsiku limodzi gulani chonyamula, mupite nacho kunyumba kumene kuli sikelo yanu. Yezani tchipisi pachokha. Yezani nkhuku musanadye, kenako yezani mafupa mutadya, n'kuchotsera. Wogawa chakudya dzanja lake silisinthasintha kwambiri, ndiye nambala zimenezo zidzakutumikirani kwa miyezi, ndipo diso lanu lidzaphunzira kuti magalamu 250 amaoneka bwanji m'bokosi. Mafuta okha ndi amene sikelo singakuuzeni.

Mukaona kuti 1,400 yakukulirani, sinthani pamene pali nambala yaikulu. Funsani ngati angakupatseni nsima m'malo mwa tchipisi. Ufa wa chimanga uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100, koma nsima gawo lake lalikulu ndi madzi, moti mitanda iwiri yapakatikati, yolemera magalamu 400 pamodzi, imakhala cha m'ma 450 mpaka 500. Ikalimba kwambiri ndiye kuti ufa wachuluka, kwezani. Saladi aikemo ndimu ndi mchere m'malo mwa mayonezi, chakumwa chikhale madzi. Nkhuku yomweyo, khungu lake lomwe, mbale yatsika kufika cha m'ma 900. Mukadya mtanda umodzi ndi theka, ili pafupi ndi 800.

Ngati kuchipatalako anatchulanso matenda a shuga, kope la makalorili mukawaonetse, chifukwa pamenepo kuchuluka kwa nsima, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera kumawerengedwa pakokha, ndipo mlingo wake ayenera kukupatsani ndi iwo.