Matiredi atatu, ngozi imodzi

"Ndinagula EUR/USD, GBP/USD ndi AUD/USD, paliponse ndinaika chiopsezo cha 1 peresenti yokha, koma zonse zinagunda sitopu losi, malire amene tiredi imadzitsekera yokha ikaluza, nthawi imodzi. Chinachitika n'chiyani?"

Achimwene, ngakhale munatsegula matiredi atatu pa msika wa ndalama zakunja, kwenikweni munabetcha pa chinthu chimodzi, chakuti dola ya ku America igwa mphamvu, choncho chiopsezo chanu chinali pafupifupi 3 peresenti. Mukagula peyala iliyonse mwa zitatuzi, zimene zimayerekeza yuro, paundi ya ku Britain ndi dola ya ku Australia ndi dola ya ku America, mumakhala mukugulitsa dola ya ku America, ndipo ikakwera mwadzidzidzi, monga zimachitikira banki yaikulu ya ku America ikalengeza za chiwongoladzanja, zonse zimatsika pamodzi. Pa akaunti ya madola 1,000, mumaganiza kuti mutaya 10 koma mumataya 30.

Chimene chimapusitsa ambiri ndi peyala imene dola ili kutsogolo. Kugulitsa USD/CHF, peyala ya dola ndi ndalama ya ku Switzerland, kumaoneka ngati ganizo lina, komabe kumangofanana ndi kugula EUR/USD, chifukwa nthawi zambiri ziwirizi zimayenda mosemphana.

Ine ndisanatsegule tiredi ina ndimalemba ndalama iliyonse payokha, n'kuona kuti ndaigula kapena kuigulitsa kangati. Ikaonekera katatu mbali imodzi, ndimagawa 1 peresenti ija patatu kapena ndimasankha peyala imodzi yokha, ndipo njira yachiwiriyi ndi imene ndimaikonda. Matebulo oonetsa kugwirizana kwa mapeyala amayambira pa -1 kufika pa +1, ndipo nambala yoposa 0.8 ndimaitenga ngati chenjezo, koma muziyang'ananso kawirikawiri popeza kugwirizanaku kumasintha.

Ngati ndalamazo n'zongongola kapena ndi zimene banja limadalira, kaonaneni kaye ndi mlangizi wa zachuma wovomerezeka.