Linki yanga ikutsegula Play Store pomwe apu ili kale m'foni

"Achimwene, tili ndi kaapu ka chipeleganyu chathu kuno ku Randburg. Ndikatumiza linki pa WhatsApp kuti membala aone ndalama zomwe wasonkha mwezi uno, imakamutula ku Play Store, chonsecho apuyo ali nayo kale m'foni. Pa foni ya mnyamata amene anatipangira ikutsegula bwinobwino. Talakwitsa pati?"

Achemwali, nditafika pa mawu oti "pa foni ya mnyamata amene anatipangira" ndinaseka ndekha m'takisi, mpaka mayi amene ndinakhala naye pampando anandiyang'ana. Mnyamata ameneyo ndinali ine mu 2022.

Nthawi imeneyo ndinkapangira apu bambo wina wonyamula katundu wa anthu kuchoka kuno ku Joni kupita kumudzi. Mafiriji, mabulangete, njinga, matayala, zonse zimapakiridwa pafupi ndi Park Station. Mutu wake unkamupweteka ndi mafoni. Thiraki ikangokhala masiku awiri pa Beitbridge, aliyense ankaimba kufunsa ngati katundu wake wadutsa pa Mwanza. Tinagwirizana kuti munthu akalipira azilandira linki yokhala ndi nambala ya lisiti yake, akaidina apu izitsegukira pomwe pali katundu wakeyo basi. Ndinayesa pa foni yanga kakhumi konse, osaphonya. Ndinalandira ndalama zanga Lachisanu, Loweruka ndinakagula nsapato ku Fordsburg.

Lolemba m'mawa bamboyo anandiitanitsa. Ndinapeza mayi wina atakhala pa katoni ya mafuta ophikira, foni ili m'manja, nkhope itakwinyika. Anandionetsa: akadina linki, Chrome imatseguka kamphindi, kenako Play Store, pali batani lolembedwa Open. Akadina pamenepo apu imatseguka patsamba loyamba, nambala ya lisiti yasowa. "Ndiye chinthu chanuchi ntchito yake n'chiyani?" Ndinalibe choyankha. Chomwe chinandizunguza kwambiri n'choti kondakitala wa bamboyo, ndi kafoni kake kakale kong'aluka galasi, ankangofunsidwa kuti atsegule ndi Chrome kapena ndi apu, akasankha apu zonse zimayenda. Mafoni atsopano okha ndi omwe ankakana.

Ndinataya masiku atatu ndikukumba m'khodi ya apu, kumene kunalibe vuto lililonse.

Nkhani yake ili chonchi. Linki yoyamba ndi https ndi adiresi ya webusaiti, ndipo mwini wake woyamba ndi Chrome. Kuti Android ilole apu yanu kuilanda, imafuna umboni woti mwini webusaiti ndi mwini apu ndi munthu mmodzi, apo ayi tambwali aliyense akanapanga apu yolanda malinki a banki yanu. Umboniwo ndi kafayilo kotchedwa `assetlinks.json`, komwe kamakhala pa webusaiti yanu mu foda ya `/.well-known/`. Apu ikamalowa m'foni, Android imakawerenga kafayiloko n'kuyerekeza chidindo cholembedwamo ndi chidindo chomwe apuyo yasainidwa nacho. Zikafanana, linki ndi ya apu. Zikasiyana, mafoni akale ankamufunsa munthu kuti asankhe yekha, n'chifukwa chake kondakitala uja zinkamuyendera. Koma kuyambira pa Android 12, yomwe inatuluka mu 2021, foni siifunsanso, imangopereka linkiyo kwa Chrome mwakachetechete.

Tsono zidindo zilipo ziwiri, ndipo apa ndi pomwe ndinagwera. Pali kiyi yomwe wopanga apu amasainira pa kompyuta yake potumiza apu ku Play Console. Koma apu yomwe anthu amatsitsa ku Play Store imakhala itasainidwanso ndi kiyi ina yomwe Google imasunga. Ine m'fayilo muja ndinalembamo chidindo cha kiyi ya pa laputopu yanga. Apu ya m'foni mwanga ndinailowetsa ndi chingwe kuchokera pa laputopu yomweyo, ndiye zidindo zimafanana, zonse zili myaa. Makasitomala onse anali ndi apu ya chidindo china. Ndikukayikira kwambiri kuti mnyamata wanuyo ali m'dzenje lomweli.

Koma pali cholakwa chachiwiri chomwe chimandinyansa kuposa choyambacho, ndipo ndinachichita ndi manja anga. Android situmiza munthu ku Play Store. Imamutula pa webusaiti yanu. Amene amamukankhira ku sitolo ndi tsamba lanulo, chifukwa wina analilemba kuti aliyense wofika pamenepo ndiye kuti alibe apu, apite akatsitse. Ine ndimati umenewu ndi mwano. Mayi uja ankafuna kudziwa chinthu chimodzi, ngati mafuta ake adutsa boda. Yankho lake ndi mzere umodzi. Bwanji osangoulemba patsambapo, batani lotsitsira apu n'kukhala m'munsi kwa amene akufuna? Anthu athu ambiri amagula data ya tsiku limodzi, foni yadzaza ndi mavidiyo a maliro ndi zinkhoswe za kumudzi, malo a apu ina mulibe. Enanso ali ndi ma Huawei atsopano aja opanda Play Store n'komwe, ndiye mukuwatumiza kuti? Masiku ano munthu akandipempha kuti tsamba lizingolumphira ku sitolo, ndimakana, ngakhale akhale kuti ndi amene akundilipira.

Ndipo musandiyambitse za malinki ofupikitsa. Bambo uja anadzayamba kuwafupikitsa yekha kuti azioneka bwino pa sitetasi. Foni imaona adiresi ya kampani yofupikitsayo, osati yanu, ndiye imayamba yatsegula Chrome. Sabata ina yonse inapita pamenepo tikukangana.

Zoti mumuuze mnyamatayo

Alowe mu Play Console, patsamba la App signing. Apeza zidindo za SHA-256 ziwiri. Chofunika ndi cha pansi pa App signing key certificate, osati cha Upload key certificate. Achiike m'fayilo, ndipo akhoza kusiyamo zonse ziwiri kuti foni yake yoyesera isasiye kugwira:

```json
[{
  "relation": ["delegate_permission/common.handle_all_urls"],
  "target": {
    "namespace": "android_app",
    "package_name": "com.example.chipeleganyu",
    "sha256_cert_fingerprints": ["AB:12:...", "CD:34:..."]
  }
}]
```

Fayiloyi izitseguka pa https mwachindunji, seva isamailumphitsire ku adiresi ina. Ngati malinki anu ena ali ndi `www` ena alibe, kwa Android amenewo ndi maadiresi awiri, iliyonse ikufuna fayilo yake. Aonenso kuti mu `AndroidManifest.xml` muli `android:autoVerify="true"`. Kenako abwereke foni ya membala, yomwe apu yake inachokera ku Play Store, ailumikize ku kompyuta:

```
adb shell pm verify-app-links --re-verify com.example.chipeleganyu
adb shell pm get-app-links com.example.chipeleganyu
```

Adikire kamphindi pakati pa malamulo awiriwa. Pambali pa adiresi yanu pakalembedwa `verified`, zatheka. Pakatuluka `none` kapena nambala ngati `1024`, zidakali pomwepo. Mamembala omwe ali nayo kale apu asayembekezere kuti zisintha tsiku lomwelo, chifukwa foni siwerenga fayiloyo nthawi zonse. Wachangu achotse apu n'kuilowetsanso, kapena alowe mu Settings, apeze apuyo, pa Open by default avomereze adiresiyo ndi dzanja.

Za iPhone simunafunse, ndipo kumeneko fayilo yake ndi ina, `apple-app-site-association`. Ngati m'gulu mwanu muli wa iPhone, ameneyo ayambe wasonkha kawiri, kenako mundilemberenso.