Msika wa Limbuli mu Blender, musayendetse anthu 40 m'modzim'modzi

"Abale ndithandizeni, ndikupanga kakatuni mu Blender ndiye pali shoti ya masekondi 10 ya msika wa Limbuli. Ndikufuna anthu ngati 40 koma m'modzi yekha wanditengera sabata kuti ayende bwino, laputopu yakenso ndiyofooka. Ndipange bwanji?"

Achimwene, munthu wanu wa sabata uja ndiye chuma chanu, musamutaye. Koma kaye tapitani ku Limbuli kapena pa Chitakale pomwepa mukangoima mphindi zisanu, muona kuti theka la anthu sakuyenda n'komwe. Amayi a zinanazi akhala pansi, wa kaunjika wawerama pa mulu wake, ena angoima akunenerera mtengo. Ndiye pa 40 paja chotsani 20, amenewo angogwedeza mutu kapena mkono mwa apo ndi apo basi. Atsala 20, ndipo 17 mwa iwo adzabwereka mayendedwe a munthu wanu yemweyo.

Mayendedwewo akhale a pamalo amodzi, mafulemu 24 masitepe awiri, ngati mukugwiritsa 24 pa sekondi. Akankhireni ndi Push Down mu NLA, muja mumasanjamo maakishoni ngati masitiripi, ikani Repeat pa 10, munthuyo muzimusuntha ndi Follow Path. Apa ndipomwe ambiri timagwera, mapazi amatsetsereka ngati akuyenda pa matope a Januwale. Yezani mtunda umene masitepe awiriwo akudya, tinene mita 1.2. Masekondi 10 ndi mafulemu 240, kubwereza ka 10, ndiye njira yake ikhale mamita 12 ndendende. Mukafuna agogo oyenda pang'onopang'ono ikani Scale ya sitiripiyo pa 1.25, kuzungulira kumodzi kukhala mafulemu 30, akwana 8 okha, njira ifupike ifike mamita 9.6. Mukaiwala kufupikitsa mudzaona chidendene chikukwekwereza pansi. Ine ndimayika kamwala pafupi ndi phazi n'kumadina fulemu imodziimodzi, phazi loponda likasuntha pa kamwalako ndiye kuti masamu alakwika.

Pochulukitsa anthu gwiritsani Alt+D osati Shift+D, onse agawana thupi limodzi ndiye fayilo siilemera kwambiri. Kenako kwezani Repeat ifike pa 11 kuti mayendedwe asathere panjira, aliyense mumusunthire sitiripi yake chakumbuyo, wina mafulemu 5 wina 9 wina 19, koma 12 ndi 24 ayi. Ine ndinalakwitsapo izi pa shoti ya msika wa Bvumbwe, ndinasuntha aliyense ndi 12 kuchokera pa mnzake poganiza kuti ndasiyanitsa, kuonera chonchi anthu onse akuponda nthawi imodzi ngati apolisi pa perete kungoti wina mwendo wamanja wina wamanzere, ndinabwereza usiku wonse.

Za mitundu ya zovala n'zachangu, Object Info kutulukira pa Random kulowa mu Color Ramp yoikidwa pa Constant, zitenje zisiyana zokha. Koma mtundu wokha sunamiza diso. Chimene chimagwira ntchito ndi katundu, wina dengu la nthochi pamutu, wina mwana kumbuyo, wina thumba la chimanga paphewa, wina akukankha njinga yodzadza matumba. Ndipo mayi wosenza sayenda ngati mnyamata wopanda kanthu, khosi limauma mutu sudumphadumpha dzanja limodzi lili m'mwamba. Musapange mayendedwe atsopano, pangani kaakishoni kena kokhudza mafupa a khosi ndi dzanja okha, muike pa tiraki yapamwamba mu NLA pa Replace, miyendo ipitiriza kutenga za pansi. Zoterezi zitatu kapena zinayi zakwana anthu 17 onse, bola awiri ofanana asayandikane ndipo ena alowere kumanzere ena kumanja ena apatse kamera msana.

Nthawi yanu yonse ithere pa atatu otsala aja, akutsogolo. Mwachitsanzo mayi akuthira basera ya tomato m'jumbo, wogula akuvundukula ndalama pa mfundo ya chitenje, ndi kamnyamata ka mandazi kodutsa pakati pawo n'kutembenuka kamodzi. Amenewa apangeni ndi manja fulemu ndi fulemu, ayime, azengereze, ayang'anane. Woonera maso ake amakakamira pamenepo, masekondi 10 satha kuwerenga kuti akumbuyo aja ndi munthu m'modzi. Malire ake ndi awa, shoti ikatalika kufika theka la mphindi kapena kamera ikawayandikira obwereka aja chinsinsi chimaululika, ndiye pamenepo dulani shoti kapena mubise ena kuseri kwa mabenchi ndi minibasi yoima.

Porenda, akumbuyo muwatulutse paokha ngati zithunzi za PNG mutachonga Transparent pansi pa Film, osati vidiyo imodzi, magetsi akathima fulemu 150 itatha mudzayambira pa 151. Gulu lomwelo mudzaliikanso kumbuyo kwa shoti ina ya msikawo mutalitembenuza. Mukamaliza oyenda asanu oyamba tumizani kuno tione mapaziwo musanachulukitse enawo.