Khadi musalifomate musanaone makope awiri

"Anzanga, ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mangochi. Loweruka lapitali magetsi anazima ndili mkati mosamutsa vidiyo kuchoka pa khadi, laputopu nayo n'kuzima chifukwa batire yake inatha kale ntchito. Pano theka la perekaniperekani silikuoneka. Ndili ndi kandalama pang'ono, ndiyambe kugula chiyani, pawabanki kapena hadidiraivi?"

Pepani achimwene. Musanapite kusitolo, khadi limenelo lichotseni mu kamera, mutsitse kabatani kam'mbali kolembedwa Lock, mulisunge. Musajambulirenso kalikonse. Ndikuganiza kuti munadina Cut m'malo mwa Copy, ndiye mafayilo ena ali pa laputopu, ena akadali pa khadi, ndipo magetsi anazima kompyuta ili mkati molemba pa khadilo. Yang'anani mbali zonse ziwiri kaye. Zikapanda kuoneka, yesani pulogalamu yaulere ya PhotoRec, koma zomwe yapeza izisungire pa laputopu, osati pa khadi lomwelo. Fayilo yofufutidwa imakhala ikadalipo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, choncho mukapita nalo ku chinkhoswe cha mawa khadilo, mwayi watha.

Za kugula, ine ndikuti yambani ndi mahadidiraivi awiri a 1TB, wamba omwe aja okhala ndi mbale yozungulira mkati. SSD, diraivi yopanda mbale yozungulira ija, ndi yothamanga ndipo ikagwa imapirira, koma ndalama ikakhala yochepa, awiri otsika mtengo amaposa imodzi yapamwamba. Chimodzi n'chimodzi basi. Ikabedwa mu minibasi ya ku Monkey Bay limodzi ndi chikwama, kuthamanga kwake sikukuthandizani kanthu.

Tiwerengere ukwati umodzi. Tinene kuti munali ku Makawa, mwajambula 4K pa 100 Mbps. Ola limodzi limadya pafupifupi 45GB. Kutchalitchi kapena kumzikiti, zithunzi pamchenga, kenako perekaniperekani amene sakutha msanga, mwajambula maola atatu ndi theka. Imeneyo ndi 160GB, makhadi atatu a 64GB. Ndiye kuti diraivi ya 1TB ikwana maukwati asanu ndi umodzi otere. Pa doko la USB 3.0, lija lokhala ndi kalilime kabuluu, kukopera 160GB kumatenga mphindi 35 kapena kuposerapo, ndipo poti mukopera kawiri, konzekerani ola ndi mphindi zingapo. Pa USB 2.0 ntchito yomweyo idya maola atatu. Kachipangizo kowerengera khadi kakakhala kotchipa kwambiri, nthawi zambiri kamakhala ka mtundu wochedwawu.

Ola limenelo ndi lomwe mukufunira moto wosadukiza, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagula pawabanki yolakwika. Ya foni wamba siingatchaje laputopu. Pamafunika yolembedwa PD, kutanthauza Power Delivery, yotulutsa moto wa 45W kapena 65W, komanso laputopu yanu ikhale yolandira moto kudzera pa USB-C. Ngati ndi yakale ya pini yozungulira, iwalani za pawabanki, ndalamayo mugule batire yatsopano ya laputopuyo, poti vuto lanu linayambira pamenepo. Musakopeke ndi manambala akuluakulu a mAh, yang'anani Wh, muyezo wa mphamvu yomwe ili m'batire, pa tizilembo takumbuyo. Yeniyeni ya 20,000 mAh imakhala ndi 74Wh, ina imatayika ngati kutentha, mumatsala ndi pafupifupi 60Wh. Laputopu yongokopera mafayilo, sikirini mutaichepetsa kuwala, iyenda nayo maola awiri. Mukainyamula n'kupeza kuti njopepuka ngati bokosi la machesi koma yalembedwa 50,000, ibwezeni. Ndipo musaisiye padzuwa m'galimoto. Dzuwa la mu Okutobala kuno timalidziwa, batire imafufuma. Ikayamba kutupa, musaigwiritsenso ntchito.

Pa kamera pomwe, musadikire kuti batire ithere mukujambula. Fayilo ya MP4 imatsekedwa bwino mukadina batani loimitsa. Moto ukaduka mwadzidzidzi, mutha kupeza fayilo yaikulu bwinobwino koma yokana kutseguka. Pa perekaniperekani ine ndimaimitsa n'kuyambanso gulu lina likamalowa, kuti chikachitika china ndiluze mphindi zochepa zokha.

Tsopano mafoda, omwe safuna ndalama koma ndi amene anandilizapo. Chaka china ndinathira makhadi awiri mu foda imodzi yomwe ndinangoilemba kuti Ukwati. Kamera yanga inali itayambiranso kuwerenga pa khadi lachiwiri, moti onse anali ndi C0001.MP4, C0002.MP4 n'kumapita. Kompyuta itafunsa, ine ndi tulo tanga ndinadina Replace. Malumbiro a kutchalitchi anakwiriridwa ndi magule a madzulo, ndipo khadi loyambalo ndinali nditalifomata kale. Kukawafotokozera ankhoswe zimenezo sindikufunanso. Chiyambire pamenepo ntchito iliyonse imaoneka chonchi:

```
2025-08-16_Ukwati_Makawa
  01_Makhadi
    KameraA_Khadi1
    KameraA_Khadi2
    Foni
  02_Mawu
  03_Pulojekiti
  04_Zomaliza
```

Chaka chimayamba, kenako mwezi, kenako tsiku, kuti mafoda azindandalika okha motsatira nthawi. Khadi lililonse lili ndi foda yakeyake, ndipo mumakopera khadi lonse monga liliri, ndi mafoda a DCIM ndi PRIVATE omwe, osasankhamo. Makamera ena amabisa vidiyo mkati mwa PRIVATE, ndiye wotenga DCIM yekha amapita ndi zithunzi n'kusiya ukwati. Mayina a mafayilo a mu 01_Makhadi musamawasinthe mukayamba kukonza vidiyo, pulogalamu yanu idzawasowa.

Pokopera, khadi likhale pa Lock, mudine Copy, kupita pa diraivi yoyamba. Mukatha, koperaninso kuchoka pa khadi lomwelo kupita pa yachiwiri. Osachokera pa yoyamba ija, chifukwa ngati china chinalakwika poyamba, mungochibereka kawiri. Kenako dinani Properties pa zomwe zili pa khadi ndi pa foda yanu, muyerekeze chiwerengero cha mafayilo ndi nambala ya pa Size, osati ya pa Size on disk. Zifanane mpaka nambala yomaliza. Tsegulani vidiyo yoyamba, yapakati ndi yomaliza, muithamangitse mpaka kumapeto. Pulogalamu yokoperera ya TeraCopy ili ndi Verify yomwe imakuyerekezerani yokha, koma ine maso anga ndimaonabe. Zikatero m'pamene mufomate khadi, ndipo mulifomatire mu kamera, osati pa kompyuta.

Madiraivi awiriwa asagone m'chikwama chimodzi. Ina ikhale yogwirira ntchito, inayo ikatha kukopera muichotse ndi Eject, muiike m'kabokosi kotseka bwino kuti mchenga ndi chinyontho cha kunyanja zisalowe, mukaisiye kwa mlongo wanu kapena kwa ankolo. Yosungirayi isapite kumalo okoperako nyimbo ndi mafilimu. Tizilombo ta pa kompyuta tija tosandutsa mafoda kukhala tizizindikiro topanda kanthu timachokera kumeneko. Wofuna vidiyo yake mupatseni pa fulashi. Ngati mudzaigwiritsa ntchito pa Windows ndi pa Mac, diraivi ikhale yofomatidwa mwa exFAT. FAT32 imakana fayilo yoposa 4GB.

Diraivi ikadzayamba kulira kuti thi thi thi, kapena kumazimirira pa kompyuta n'kubweranso, yambani mwasintha chingwe, poti nthawi zina ndi moto wochepa chabe. Ikapitiriza, musaikakamize. Gulani ina tsiku lomwelo mukopere kuchoka pa inzake ija.

Mutiuze mtundu wa laputopu yanu ndi zomwe zalembedwa pa tchaja yake, tione ngati PD ingagwire. Khadi lija likhalebe pa Lock.