Madzi a m'damu lotsetsereka m'mbali: muwerenge chonchi

"Damu langa kuno ku Mangochi ndi mamita 20 kwa 15, kokuya ndi 1.2. Ndachulukitsa ndapeza makiyubiki mita 360. Ndiike mbewu ya chambo ingati?"

Achimwene, 360 imeneyo isiyeni, madzi anu sakufika pamenepo. Masamu amenewo ndi a thanki ya makoma oongoka, pomwe damu limapita lichepa mukamatsikira pansi.

Tengani nsungwi, muilembe zizindikiro pa masentimita 10 aliwonse, mulowe nayo m'madzimo. Muyeze kosaya ndi kokuya, nsungwi ingokhudza matope osaikanikiza. Tinene kuti kosaya mwapeza 0.8, kokuya 1.2, ndiye pakatikati ndi mita imodzi. Kenako yezani kuchokera pomwe madzi akhudza khoma kufika pomwe kutsetsereka kwathera. Tinene kuti ndi mamita 2 mbali zonse, ngakhale pa dothi lamchenga imatha kuposa apo. Mamita 20 ndi 15 aja akhalenso a pamwamba pa madzi, osati pamwamba pa khoma poyenda anthu.

Pamwamba ndi 20 × 15 = 300. Pansi muchotse mamita 4 m'litali ndi 4 m'lifupi, poti makoma ndi awiriawiri: 16 × 11 = 176. Phatikizani 300 ndi 176, mugawe pawiri, mupeza 238. Chulukitsani ndi kuya kwa mita imodzi kuja, madzi ndi makiyubiki mita pafupifupi 238, kapena malita 238,000. Njirayi imapitirira pang'ono, chenicheni chili cha m'ma 235, koma kusiyana kumeneko kusakudetseni nkhawa.

Chomwe ambiri amaiwala ndi Okutobala wa kuno. Madzi akatsika ndi masentimita 30 okha, omwe apitawo ndi a pamwamba, pomwe damu ndi lotambalala. Mwataya makiyubiki mita pafupifupi 84, kuposa limodzi mwa magawo atatu, pomwe ndi maso mungoona kamzere ka matope ouma m'mbali. Pamwamba patsala 18.8 × 13.8, masikweya mita pafupifupi 260. Nthawi yomweyo nsomba zakula, madzi afunda, ndipo madzi ofunda sasunga mpweya wambiri.

M'damu lokumba lopanda makina a mpweya, mbewu timawerengera pa sikweya mita, chifukwa mpweya ndi tizomera tobiriwira tomwe nsomba zimadya zimapangika kumtunda kofika dzuwa. Kwa wodyetsa madeya ndi manyowa, ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita zakwana. Pa 260 paja ndi nsomba 520 mpaka 780. Ineyo ndikanaika 600, ndipo kuposa apo pokhapokha muli ndi ngalande yosaphwa yoti muzithiramo madzi. Ngati ndi makumba osasankha amuna okhaokha, tsikirani ku 520, poti amaswana msanga m'damu momwemo.

Mukaika, muzipita kudamu m'bandakucha dzuwa lisanatuluke. Mukapeza nsomba zambiri zili pamwamba kukamwa yasa, mpweya wachepa: lekani kaye manyowa ndi madeya, lowetsani madzi atsopano, ndipo zikapitirira mupungule nsomba zina.