Mawu asiyidwe anthu akumva

"Agogo, ndili ndi zaka 34, ndimagwira ntchito pa hotela ina kunyanja kuno. Ndili ndi penshoni, masheya pang'ono ndi boti. Ndikufuna kulemba wilo mwachinsinsi kuti abale asayambe kundiwerengera masiku. Nditani?"

Mdzukulu wanga, ukanafunsa kuti ndani ayenera kudziwa. Kale kwathu ku Malindi munthu sankadikira kudwala. Malume anga anaitanitsa mwinimbumba, alongo awo ndi anyakwawa, tonse pamkeka, n'kunena kuti ngalawa ndi ya uje, ukonde wa uje, munda ubwerere kumbumba. Anakhalanso zaka zambiri akupha usipa. Atatisiya, sadaka inadutsa popanda wokweza mawu, chifukwa makutu ambiri anamva. Kusiya mawu kumeneku ndiko mwataya ana inu. Chuma mwachitsekera m'foni, nambala yachinsinsi ili m'mutu, ngakhale mayi wa kunyumba sadziwa kuti kuli masheya.

Wilo ndi mkeka womwewo, koma papepala. Lemba m'Chichewa momwemu: dzina lako, tsiku, chinthu chilichonse ndi wochilandira. Usalembe kuti "ana anga agawane". Tchula mayina monga alili pa ziphaso, masheya ndi a kampani iti, angati kwa yani. Tchulanso munthu wokhulupirika wodzayendetsa zonse, poti masheya sasintha dzina ndi pakamwa, amafuna kalata ya kukhoti. Usayine pamaso pa mboni ziwiri zili limodzi, nazonso zisayine iwe ukuona. Mbonizo zisakhale zolandira kanthu, kapena amuna ndi akazi a olandirawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limalanga olanda katundu, koma pepala losayinidwa mosokoneza limawatsegulira khomo.

Tsono penshoni ili ndi njira yakeyake. Siyendera wilo, imatsata fomu ija unalemba kuntchito yotchula odzalandira. Mwana wa mchemwali wanga anailemba ali ndi mwana mmodzi, theka kwa mkazi, theka kwa mwanayo. Kunabadwa ena atatu, mu wilo anawalemba bwinobwino onse anayi, fomu osaikhudza. Atamwalira, ndalama zinatsata fomu. Ana a mimba imodzi mpaka lero sapatsana moni bwino, ndipo ine zimandiwawa. Mawa lomwe upite kwa abwana oona za antchito, uione fomuyo ndi maso ako, magawo ake akwane 100 pa 100. Kukabadwa mwana, kapena banja likasintha, ukonzenso zonse ziwiri.

Usaope, pepala siliitana imfa. Ukalemba, kalisungitse kwa bwanamkubwa pa boma, kubanki kapena kwa loya, osati pansi pa matiresi pomwe wolipeza woyamba angaling'ambe. Zam'kati ungabise ndithu ngati ukuopa nsanje. Koma akazi ako ndi amalume ako uwakhazike pansi, uwauze kuti wilo ilipo ndi kumene ili. Za boti uwauze pamaso pomwepo, poti ndi limene akuchimuna amathamangira maliro asanatuluke m'nyumba.