Kuchotsa got mu lipoti popanda kusintha zimene zinachitika

"Zikomo achimwene. Ndimagwira ntchito ya m'midzi ku bungwe lina loona za madzi, ndipo mwezi uliwonse ndimalemba lipoti m'Chingerezi. Abwana anga anazunguliza got aliyense ndi cholembera chofiira, akuti ndi chilankhulo cha pa WhatsApp. Ndinasintha onse kukhala obtained, koma lipoti labwereranso. Kodi mawu oyenera mu ofesi m'malo mwa got ndi ati?"

Achimwene, mawu amodzi olowa m'malo mwa got paliponse kulibe, ndipo n'chifukwa chake obtained wakugwiritsani mwala. Get amagwira ntchito za aneni ambiri nthawi imodzi. Mngelezi akamacheza amamugwiritsa ntchito ponena za kulandira, kugula, kufika, kudwala, kumvetsa, ngakhale kutuma munthu. Pocheza zimayenda bwino chifukwa womvera akuidziwa nkhani. Koma lipoti limawerengedwa ndi munthu amene kunalibe, mwina patapita chaka, ndiye iye amafuna mneni amene akunena ndendende chimene chinachitika.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi: mukafika pa got, nenani chiganizocho m'Chichewa kaye, mokweza ngati n'kotheka. Chichewa sichilola mneni mmodzi kusenza zonsezi. Pakamwa panu padzatuluka "tinalandira", kapena "tinagula", kapena "tinafika", ndipo mneni ameneyo ndi amene akulozereni mawu a Chingerezi oyenera.

Tiyeni tiyesere pa uthenga wonga umene mungatumize kwa mnzanu muli kumudzi, mutakonzetsa mjigo:

"Got the committee's letter on Monday. Pump got broken last week and the water problem got worse. Got to the village at 10, got the spares in town and got the area mechanic to fix it. Committee has got K85,000 left."

Ngati uthenga wa pafoni, palibe cholakwika apa. Koma muli got kasanu ndi kawiri, ndipo m'Chichewa aliyense akutuluka mosiyana: tinalandira kalata, mjigo unawonongeka, vuto linakula, tinafika pamudzi, tinagula zipangizo, tinatuma mmisiri, komiti yatsala ndi ndalama. Pa zonsezi obtained akanatha kukhala pamalo amodzi okha, pa zipangizo paja, ndiponso pomwepo si pabwino kwenikweni.

Ndiyambe ndi kalata ndi zipangizo, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Received amanena kuti chinthu chinabwera kwa inu, wina anachitumiza kapena anakupatsani. Obtained amanena kuti inuyo munachitapo kanthu kuti muchipeze: munapempha, munalemba fomu, munayendera. Choncho "we received the committee's letter" akutanthauza kuti komiti inakulemberani. Mukalemba "we obtained the committee's letter", wowerenga aganiza kuti kalatayo sinali yanu, munachita kukaifunafuna kwinakwake. Obtained amakhala bwino pa chilolezo, pa mitengo imene mwakafunsa kwa ogulitsa, pa zikalata zimene mwakatenga ku ofesi ina: "obtained permission", "obtained three quotations".

Za zipangizo ndiye zikukhudza ndalama, ndipo pamenepa musamasewere napo. Munagula kodi, kapena munakatenga ku sitolo ya bungwe, kapena wina anapereka ulere? Ngati munagula, lembani bought kapena purchased. Onse awiri ndi olondola, purchased amangomveka wa mu ofesi. Ngati munakatenga zimene zinalipo kale, lembani collected. Procured musungireni pamene panatsatidwa ndondomeko yonse yogulira katundu, yofunsa mitengo kwa ogulitsa angapo ndi kusainitsa mapepala. Mukalemba procured pamene munangolowa m'golosale ya zitsulo n'kugula timphira ta mjigo, wowerengera ndalama adzakufunsani mapepala amene mulibe. Acquired ndi wa zinthu zikuluzikulu zokhalitsa monga malo, galimoto kapena nyumba, komanso luso limene munthu waphunzira. Secured amanena kuti chinthucho chinali chovuta kupeza kapena chinali cholimbirana, monga thandizo la ndalama: "secured funding". Pa timphira tiwiri, secured angaseketse anthu.

Kufika ndi kosavuta, koma pali msampha umodzi umene ndimauona m'malipoti ambiri. "Got to the village" amasanduka "arrived at the village" kapena "reached the village". Arrived amafuna at pa malo aang'ono ndi in pa mzinda kapena dziko, monga "arrived in Lilongwe". Reached safuna kanthu pakati. "Reached at the village" ndi cholakwa, ngakhale chimamveka kawirikawiri kwathu kuno.

Tsopano got amene akutsatiridwa ndi mawu ofotokoza mmene chinthu chilili, monga got worse, got better, got tired. Apa palibe cholandira kapena chopeza, nkhani ndi kusintha. Mutha kuika became, monga "became difficult", koma kawirikawiri pamakhala mneni mmodzi wonena zonse. Got worse ndi worsened kapena deteriorated. Got better ndi improved ngati ndi zinthu, recovered ngati ndi wodwala. Got bigger ndi grew kapena increased. Mneni mmodziyo amafupikitsa chiganizo, ndipo ine ndimamukonda kuposa became, amene akachuluka amalemetsa ndime.

"Pump got broken" ndi mtundu winanso. Got wotere amagwira ntchito imene -idwa ndi -edwa amagwira m'Chichewa, monga got stolen, got arrested, got paid. Mu lipoti amasanduka was kapena were: "was stolen", "were paid". Koma onani bwino. "The pump was broken" angatanthauze kuti wina anauthyola, kapena kuti munaupeza uli wowonongeka. Ngati unangowonongeka wokha chifukwa chokutha, lembani "the pump broke down". Ngati ndi anthu anauwononga dala, "was vandalised". Kusiyana kumeneku ndi kwakukulu kwa amene akuganiza zoti ndalama zokonzera zichokere kuti, ndipo got anali atakubisa.

Pa mmisiri paja, "got the mechanic to fix it" akunena kuti munachititsa kuti wina agwire ntchito. Funso ndi lakuti munamuchititsa bwanji. Ngati munamupempha, asked. Ngati munamulemba ganyu yolipidwa, engaged kapena hired. Ngati ankakana inu n'kumunyengerera, persuaded. Ngati ali pansi panu n'kumulamula, instructed. Ndipo ngati amene anakonza alibe ntchito m'nkhaniyo, "got it fixed" amasanduka "had it repaired".

Wotsiriza ndi has got. Ameneyu sanena zakale ngakhale akuoneka choncho. "Has got K85,000" ndi chimodzimodzi ndi "has K85,000". Mungochotsa got basi. N'chimodzimodzinso "we have got to go", amene amasanduka "we have to go" kapena "we must go". Koma "we got to see the chief", wopanda have, akutanthauza kuti tinapeza mwayi woonana ndi amfumu, ndiye amasanduka "we were able to meet the chief". Awiriwa amasokoneza kwambiri, werengani kawiri musanasinthe.

Tikasonkhanitsa zonse, ndime ya mu lipoti ingakhale motere:

"The team received the committee's letter on Monday. The pump had broken down the previous week and the water shortage had worsened. The team reached the village at 10:00, purchased spare parts in town and engaged the area mechanic to repair the pump. The committee has a balance of K85,000."

Taonani kuti mulibe mawu aliwonse ozunguza mutu. Received, reached, purchased ndi mawu amene mwana wa Fomu 2 amawadziwa. Chimene chasintha n'chakuti tsopano wowerenga akudziwa kuti zipangizo zinagulidwa, mmisiri analipidwa, mjigo sunathyoledwe ndi munthu.

Pakati pa uthenga wa pafoni ndi lipoti pali imelo ya kuntchito, ndipo pamenepa musachite mantha kwambiri ndi get. "I will get back to you on Friday" ndi "please get in touch" ndi mawu ozolowereka m'maofesi, ndipo palibe amene angakudzudzuleni polembera mnzanu wa kuntchito kapena abwana amene mumaonana nawo tsiku ndi tsiku. Mukamalembera opereka thandizo kapena akuluakulu a boma koyamba, kwezani pang'ono: "I will respond by Friday", "please contact me". Kupitirira muyeso nakonso kuli ndi vuto lake. Mnzanu akakutumizirani chithunzi pa WhatsApp inu n'kuyankha kuti "I acknowledge receipt", adzaganiza kuti mwakwiya naye. Pamenepo "got it, thanks" ndiye yankho labwino, ndipo got it yemweyo angatanthauzenso kuti ndamva, chimene mu imelo yaulemu chimalembedwa "understood" kapena "noted".

Pali mawu ena amene amayenda ndi anzawo okhazikika, ndipo awa n'ngongoloweza chifukwa palibe lamulo lowapezera. Matenda opatsirana amatenga contracted: "contracted cholera". Matenda ena ndi zizindikiro zimatenga developed: "developed a fever". Kuvulala kumatenga sustained: "sustained injuries". Ndalama zimene mwawononga zimatenga incurred: "incurred costs". Malikisi a mayeso amatenga scored kapena obtained, ndipo "obtained an MSCE" ndi Chingerezi chabwino pa kalata yofunsira ntchito. Munthu akapeza ntchito, lipoti limati "was employed" kapena "was appointed". Kulemba kuti mwana "obtained cholera" kumamveka ngati anachita kukaipempha.

Mwina mwaonapo gotten m'zolemba za pa intaneti. Ameneyo ndi wa Chingerezi cha ku Amereka, kumene amati "has gotten worse" pamene a ku Mangalande amati "has got worse". Sukulu ndi maofesi ambiri a kwathu amatsata kalembedwe ka ku Mangalande, choncho gotten sangapulumutse lipoti lanu, ndipo ngakhale ku Amereka komweko wolemba lipoti angasankhe "has worsened".

Pa lipoti limene labwereralo, chitani chonchi. Litseguleni pa kompyuta, dinani Ctrl+F, mufufuze obtained. Pewani batani la Replace All, chifukwa ndi limene limabweretsa mavuto otere. Pa obtained aliyense imani, nenani chiganizocho m'Chichewa, ndipo mumusiye pomwepo pokhapokha ngati pakamwa panu patuluka kuti "tinapempha n'kupatsidwa" kapena "tinachita kukafuna". Mukamaliza fufuzaninso get, got ndi getting, chifukwa abwana angakhale ataphonya ena. Pamene simukudziwa ngati zipangizo zinagulidwa kapena zinakatengedwa ku sitolo ya bungwe, musasankhe mawu mwachimbulimbuli. Yang'anani malisiti kapena imbirani amene anapita kutauniko, kenako mulembe.